Logibuku ya pa Atachimenti: Zimene Wosayina Amafuna Kuona Asanagwire Cholembera

Lachisanu lina madzulo, konkire atatha kuthiridwa ndipo anyamata akutsuka mawilibala, mtsikana wina wophunzira zauinjiniya analowa mu ofesi yathu ya pa saiti atanyamula buku lake. Ofesiyo inali kontena yachitsulo yotentha ngati uvuni, ndipo ine ndinali nditatopa. Iye anati, "Bwana, ndimati mundisayinireko ya sabata ino." Nditatsegula ndinapeza kuti Lolemba walemba kuti anayendera saiti, Lachiwiri anathandiza pa ntchito ya konkire, Lachitatu anathandizanso pa ntchito ya konkire, ndipo Lachinayi anaphunzira zambiri. Zilembo zake zinali zaukhondo, tsamba lopanda ngakhale kadontho ka simenti.

Sindinasayine. Ndinamuona nkhope ikugwa, ndipo zinandikhudza chifukwa ndinkadziwa kuti mwanayu si waulesi. Lachiwiri lomwelo ndinamuona ndi maso angawa atagwada m'matope akuyeza konkire, ndipo ndi iyeyo amene anatulukira vuto limene likanatiwonongera silabu. Koma m'bukumo munalibe chilichonse cha zimenezo. Amene akanawerenga akanaganiza kuti sabata yonse anangoima pamthunzi atavala chipewa cholimba.

Kwa amene sakudziwa, ophunzira zauinjiniya, kaya ku MUBAS ku Blantyre imene kale tinkaitcha Polytechnic, kaya ku MUST ku Thyolo, kaya m'makoleji a zaluso, amatumizidwa kukagwira ntchito kwa kanthawi ku kampani kapena ku nthambi ya boma asanamalize maphunziro. Ophunzira eni ake amati ali pa atachimenti. Amapita ndi buku lolembamo zimene achita tsiku lililonse, logibuku. Bukulo limasayinidwa ndi amene akuwayang'anira kuntchitoko, ndipo kenako mphunzitsi wochokera kusukulu amabwera kudzaliona, kufunsa mafunso ndi kupereka malikisi. Kawirikawiri limalembedwa m'Chingerezi, koma zitsanzo zimene ndipereke pano ndaziika m'Chichewa kuti tonse timvane.

Wophunzira amaona ngati siginecha ndi chisomo chimene bwana amapereka akakhala kuti wadzuka bwino. Kwa injiniya si choncho. Dzina lake ndilo katundu wake, ndipo akasayina pansi pa tsamba ndiye kuti akuchitira umboni kuti zimene zalembedwapo zinachitikadi. Tsono tandiuzani, munthu angachitire bwanji umboni mawu akuti "ndinathandiza pa ntchito ya konkire"? Konkire wa pati? Tsiku limenelo mwina tinathira malo atatu. Unathandiza ponyamula, poyeza, kapena poyang'ana? Woyang'anira akakumana ndi mawu otere amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Wachifundo amangosayina osawerenga, ndipo siginecha yotere mphunzitsi wakusukulu amaizindikira kuti ndi yopanda kanthu. Wosamala amaliika bukulo pambali nkunena kuti "ndiliona mawa", ndipo mawa limenelo limatha mwezi. Buku losavuta kusayina ndi limene wosayina angathe kulitsimikiza mwachangu, pokumbukira yekha kapena posuzumira m'mapepala a pa saiti.

Ndinamukhazika pansi mtsikana uja nkumupempha kuti andifotokozere za Lachiwiri pakamwa, kuyambira pamene anafika. Apa mpomwe zinthu zinayamba kutuluka.

Tsikulo tinkathira silabu ya chipinda chimodzi chapamwamba, yotalika mamita 8, mulifupi mamita 6, yochindikala mamilimita 150. Mukachulukitsa manambala atatuwa mumapeza makyubiki mita 7.2 a konkire. Pulani inkafuna konkire wa giredi C25, ndipo tinkasakaniza pomwepo ndi makina, kuthira malita 25 a madzi pa thumba lililonse la simenti la makilogalamu 50. Usiku wake kunagwa mvula, paja unali mwezi wa Januwale, ndipo mulu wa mchenga unali panja wosafunditsidwa.

Ntchito imene ndinamupatsa inali yoyeza silampu, kutanthauza kuona kuti konkire ndi wamadzi motani asanathiridwe. Chida chake ndi chitini chachitsulo chooneka ngati chidebe chovundikira, chotseguka uku ndi uku, chotalika mamilimita 300, pansi pake potambalala mamilimita 200, pamwamba 100. Umachiponda m'mbali kuti chisasunthe, nkuthiramo konkire magawo atatu, ndipo gawo lililonse umalisinja maulendo 25 ndi kandodo kachitsulo. Ukasalaza pamwamba umachikweza pang'onopang'ono molunjika kumwamba. Konkire uja amatsala yekha ndipo amatitimira. Kutsika kwakeko, kuchokera pa msinkhu wa chitini kufika pamwamba pa muluwo, ndiye silampu. Pa ntchito yathuyo tinkaloledwa pakati pa mamilimita 50 ndi 100.

Mtsikanayo atayeza konkire woyamba kutuluka m'makina anapeza 140. Anaganiza kuti walakwitsa, nkubwereza, ndipo anapeza pafupifupi chimodzimodzi. Anapita kwa akapitawo, bambo achikulire amene anayamba kumanga iye asanabadwe, nkunena mwaulemu kuti, "Bambo, konkireyu akuoneka kuti wachuluka madzi." Akapitawo anafinya mchenga m'dzanja, madzi nkuyamba kudontha pakati pa zala. Vuto linali limenelo. Mchenga wonyowa umabwera ndi madzi akeake, ndiye ukathira malita 25 omwe aja ngati kuti mchengawo ndi wouma, madzi amapyola muyezo. Konkire wamadzimadzi amasangalatsa anyamata chifukwa savuta kumwaza, koma akauma amakhala wofooka, popeza madzi owonjezerawo akachoka amasiya timibowo tosaoneka ndi maso. Anandiitana, tinachepetsa madzi kufika malita 21, silampu inatsikira pa 85, ndipo konkire woyamba uja tinakamuthira panjira ya mawilibala m'malo mwa pa silabu.

Atamaliza kufotokoza ndinamuuza kuti alembe zomwezo. Zimene analemba zinali pafupifupi izi:

"Lachiwiri, 14 Januwale, 7:30 mpaka 16:00. Kuthira silabu ya chipinda chapamwamba, pakati pa mizere A ndi C, 1 ndi 3 pa pulani. Konkire wa C25, makyubiki mita 7.2, matumba 52 a simenti. Ndinayeza ndekha silampu kanayi, akapitawo akuona. Woyamba: mamilimita 140, pamene malire ndi 50 mpaka 100. Chifukwa: mchenga unanyowa ndi mvula ya usiku. A injiniya analamula kuchepetsa madzi kuchoka pa malita 25 kufika 21 pa thumba. Zotsatira: 85, 80, 90. Konkire woyamba sanathiridwe pa silabu. Ndinathandiza kuumba makyubu 6, nambala 31 mpaka 36, oti akaphwanyidwe pa 21 Januwale ndi pa 11 Febuluwale. Ndinaonerera kagwiritsidwe ntchito ka vaibureta, sindinaigwire."

Ndinawerenga kamodzi nkusayina, osatha ndi mphindi ziwiri zomwe. Sikuti chifukwa nkhaniyo inali yaitali, ayi, ndi mizere yochepa chabe. Koma chilichonse m'menemo chinali ndi pokagwira. Mizere ya A ndi C ili pa pulani imene inapachikidwa kukhoma kumbuyo kwanga. Matumba 52 ali m'buku la kusitolo, ndipo akugwirizana ndi kuchuluka kwa konkire, popeza pa ntchitoyo kyubiki mita imodzi inkadya matumba pafupifupi asanu ndi awiri. Manambala a makyubu ali mu rejisitala ya makyubu. Zochepetsa madzi ndinalamula ndine. Ndikanakayikira chilichonse, ndikanangotambasula dzanja nkutsegula buku lina.

Mwa zonse zimene analemba, chimene ndimachikonda kwambiri ndi mawu atatu aja: ndinayeza ndekha, ndinathandiza, ndinaonerera. Ophunzira ambiri amabisala kumbuyo kwa mawu akuti "tinachita". Tinayeza, tinathira, tinakonza jenereta. Ena amachita zimenezi chifukwa cha ulemu, paja kwathu kuno munthu wonena kuti "ine ndinachita" timamuona ngati wodzikweza. Ena amachita dala kuti zioneke ngati anagwira ntchito imene anangoiona. Zonse ziwiri zimamupweteka wophunzira. Woyamba amataya malikisi a ntchito imene anaigwiradi. Wachiwiri amagwidwa tsiku limene mphunzitsi wabwera nkumufunsa kuti, "Paja mwalemba kuti munagwiritsa ntchito vaibureta, mumadziwa bwanji kuti yakwana nthawi yoizula?" Amene anaigwira amayankha msanga kuti ndi pamene thovu la mpweya lasiya kutuluka ndipo pamwamba payamba kunyezimira. Amene anangoona chapatali amayang'ana pansi. Kulemba kuti unaonerera si manyazi. Sabata zoyamba aliyense amaonerera, ndipo buku labwino limaonetsa munthu akuchoka pa kuonerera, kufika pa kuthandiza, mpaka pa kuchita yekha wina akumuyang'anira. Woyesa amasakasaka ulendo umenewu pamene akutembenuza masamba.

Tsono manambala ngati 140, 85, 21 ndi 52 sakhala m'mutu mpaka Lachisanu. Mtsikana uja anawakumbukira chifukwa ena anawalemba ndi pensulo kumbuyo kwa pepala la thumba la simenti, ndipo mwamwayi linali likadali m'thumba la ovololo yake. Kuyambira tsiku limenelo ndimauza wophunzira aliyense kuti akhale ndi mabuku awiri. Loyamba ndi kabuku kotchipa kokwana m'thumba, koti kade, kanyowe, kalembedwe ali chiimire. M'menemo mumalowa nthawi, malo, nambala, dzina la chida ndi udindo wa munthu amene analipo. Pensulo imaposa bolopeni pa ntchitoyi chifukwa imalemba ngakhale pepala litachita chinyezi. Lachiwiri ndi logibuku yeniyeni, yosungidwa pouma. Madzulo, asanakwere minibasi kapena akangofika kunyumba asanasambe nkomwe, atenge mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu kusamutsa za m'kabuku kaja. Ena amalemba m'foni, ndipo sindiletsa, koma pa saiti foni imatha moto, imagwera m'konkire, ndipo akapitawo akakuona ukuidina saganiza kuti ukulemba silampu.

Buku lolembedwa tsiku limodzi kumapeto kwa mwezi limadziwika, ndipo ndinene poyera kuti ife osayina sitivutika kulizindikira. Inki imakhala imodzimodzi kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, dzanja likupendekera mbali imodzi, kutopa kwake kukuonekera pamene masamba akutha. Manambala amakhala osalala mokayikitsa, silampu 75 tsiku ndi tsiku, pamene konkire weniweni sabwereza nambala choncho. Nthawi zina umapeza munthu walemba kuti anathira konkire pa 3 Malichi kapena pa 6 Julayi, masiku a tchuthi pamene geti linali lokhoma. Ndipo ophunzira awiri akakhala pa saiti imodzi, umapeza chiganizo chimodzi m'mabuku onse awiri, cholakwika chake chomwe. Wosayina akangopeza chimodzi chotere amayamba kukayikira ndi masamba oona omwe.

Pali chinthu china chimene ophunzira ochepa amachita, koma chimasiyanitsa buku wamba ndi buku la munthu amene wayamba kuganiza ngati injiniya. Ndiko kubwerera ku nkhani imene inatsala panjira. Makyubu aja, timabokosi ta konkire ta mamilimita 150 mbali zonse, timachotsedwa m'zikombole tsiku lotsatira nkumizidwa m'madzi, kenako timatengedwa kupita kulabu kukaphwanyidwa ndi makina kuti tidziwe mphamvu ya konkire amene anathiridwa. Atatu amaphwanyidwa patatha masiku 7, atatu enawo patatha masiku 28. Mtsikana uja anapempha kuti apite nawo kulabu. Pa 21 Januwale analemba kuti makyubu 31 mpaka 33, a silabu ya pa 14 Januwale, anasweka pa avereji ya makilonyutoni 450, ndipo anaonetsa masamu ake: mbali imodzi ya kyubu ndi 150 × 150 = 22,500, ndiye 450,000 ÷ 22,500 = 20. Anawonjezera chiganizo chimodzi, kuti konkire wa simenti wamba pa masiku 7 amakhala atafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yake ya pa masiku 28, choncho akuyembekezera nambala yoyandikira 30, imene ili pamwamba pa 25 wofunidwa. Pa 11 Febuluwale atatu otsala anasweka pa avereji ya makilonyutoni 675, imene ikupereka 30. Analemba nambala ya satifiketi ya kulabu pambali, nkuloza tsamba la pa 14 Januwale.

Masamba atatu amenewa akawerengedwa pamodzi amafotokoza nkhani yathunthu: vuto linaoneka, chifukwa chake chinapezeka, linakonzedwa, ndipo umboni unabwera patatha mwezi. Taonaninso kuti iye sanalembe kuti "ndinavomereza konkire". Kuvomereza kapena kukana ndi udindo wa injiniya, ndipo pali malamulo ena owerengera zotsatira za makyubu oposa kungoyang'ana avereji. Wophunzira akalemba ngati ndiye analamula, wosayina amabweza bukulo, chifukwa sangaike dzina lake pansi pa mawu onena kuti anasiyira mwana wasukulu chiganizo chotere.

Nanga tsiku limene sikunachitike kanthu? Masiku otere alipo ambiri, ndipo amene anagwirapo ntchito kuno akudziwa: mvula yagwa kuyambira m'mawa, magetsi azima ku wekishopu, dizilo wasowa, simenti sinafike. Apa mpomwe ophunzira amayamba kupeka. Musapeke. Lembani kuti ntchito inaima kuyambira nthawi yakuti mpaka yakuti chifukwa chakuti, ndipo onjezani chimene munachita ndi nthawiyo. Mwina munawerenga pulani ya zitsulo za bimu inayake nkuwerengetsera kutalika kwa zitsulo za Y12 zofunika, kenako nkufananiza ndi ndandanda ya a injiniya. Imeneyo ndi ntchito, ndipo ili ndi nambala ya pulani imene wosayina angaione. Ngati simunachite kalikonse, mzere umodzi woona ndi wokwanira. Nthawi yotayika chifukwa cha mvula ngakhale kampani imailemba m'buku lake la pa saiti, ndiye mzere wanuwo ugwirizana ndi wawo.

Zolakwika nazo zimalembedwa. Mukalemba nambala yolakwika, idutseni ndi mzere umodzi kuti iziwerengekabe, lembani yolondola pambali, muikepo zilembo zoyamba za dzina lanu ndi tsiku. Tipekisi ndi kung'amba masamba zimabweretsa mafunso. Ndipo tsamba likasayinidwa musawonjezerepo kanthu. Ngati patsala malo pansi, jambulani mzere wopingasa kuti wosayina adziwe kuti sipadzalowa mawu ena pamwamba pa dzina lake. Mukalakwitsa pa ntchito yeniyeniyo, monga kuwerenga molakwika pa levulo mpaka kubwereza kuyeza, lembani zimenezo ndi mmene munazindikirira. Ine ndikaona tsamba lotere ndimasayina ndi mtima wonse. Chimene simuyenera kulemba ndi miseche ya pantchito, mitengo ya makontirakiti, kapena mawu oloza chala munthu ndi dzina lake. Mtsikana uja analemba kuti mchenga unanyowa, sanalembe kuti wakutiwakuti sanafunditse mchenga. Zithunzi ndi makope a mapulani pemphani kaye musanaziike m'buku, pakuti ntchito zina eni ake salola kuti zituluke.

Kajambulidwe kakang'ono ka pamanja kamathandiza kuposa mmene ambiri amaganizira. Kudula kwa bimu koonetsa zitsulo zinayi, maringi ake ndi mpata wa mamilimita 25 pakati pa chitsulo ndi thabwa kumanena zambiri kuposa ndime yonse, bola miyezo ilembedwepo.

Za kusayinitsa kwenikweniko, ndikupempha ophunzira amvetse kuti woyang'anira wawo ali ndi ntchito yake imene amalipidwira, ndipo logibuku ili kunsi kwa mndandanda wa zimene zikumudetsa nkhawa. Choncho sabata yoyamba yomweyo gwirizanani naye tsiku ndi nthawi, ndipo funsani kuti akachokapo angasayine ndani, popeza sukulu zina zimafuna kuti akhale munthu wa udindo winawake komanso pakhale chidindo cha kampani. Musabwere konkire ali pakati, kapena tsiku la malipiro a anyamata. Bwerani bukulo litatsegulidwa kale pa tsamba loyenera, cholembera chili m'manja, mapepala a umboni ali pomwepo. Sabata imodzi munthu amaikumbukira ndipo amaiwerenga mu mphindi zisanu. Masabata asanu ndi atatu ndi mtolo, ndipo pa nthawi imeneyo injiniya amene munayamba naye akhoza kukhala atasamutsidwira ku ntchito ina ku Karonga kapena ku Nsanje. Wolowa m'malo mwake sangachitire umboni zimene sanaone, ndipo adzakhala akulondola pokana. Ndinaonapo mnyamata wakhama akulira misozi yeniyeni pa geti chifukwa cha zimenezi, miyezi iwiri ya ntchito yabwino ili yopanda siginecha. Pa chifukwa chomwechi, jambulani ndi foni tsamba lililonse likangosayinidwa, pakuti mabuku amaiwalika m'minibasi.

Wosayina akafika pa malo olembapo ndemanga, ambiri timangolemba kuti "zili bwino", ndipo pamenepa ifenso tili ndi mlandu. Koma ndaona kuti wophunzira akalemba zogwirika, ndemanga nayo imatuluka yogwirika, chifukwa wandipatsa poyambira. Pansi pa sabata ya mtsikana uja ndinalemba kuti amayeza silampu molondola payekha, ndipo sabata yotsatira ayambe kuyendera zitsulo konkire asanathiridwe. Mawu amenewo anasanduka ntchito yake ya Lolemba.

Mphunzitsi wake anabwera chakumapeto kwa Febuluwale, fumbi la msewu lili m'nsapato, ali ndi ophunzira ena angapo oti awayendere tsiku lomwelo. Anakhala pa benchi la mu kontena muja, natsegula bukulo pakati mosasankha, nagwera pa tsamba la 21 Januwale. Anatsatira nambala za makyubu kubwerera ku 14 Januwale, kenako kupita kutsogolo ku 11 Febuluwale. Anafunsa funso limodzi lokha, kuti nchifukwa chiyani madzi anachepetsedwa ndi malita anayi osati awiri kapena asanu ndi limodzi. Mtsikanayo anayankha kuti anayi anali oyerekeza a injiniya poona kunyowa kwa mchenga, ndipo silampu yotsatira ndiyo inatsimikiza kuti akwana, koma njira yolondola ikanakhala kuyeza kulemera kwa mchenga wonyowa, kuuumitsa pamoto, nkuuyezanso kuti adziwe madzi amene unali nawo. Mphunzitsiyo anamufunsa ngati anayesapo kuchita zimenezo. Iye anatembenuza masamba angapo nkumuonetsa Lachinayi lina la mvula, pamene anakazinga kilogalamu imodzi ya mchenga m'chiwaya pa mbaula ya alonda, nkutsala magalamu 940.